Luni, apongozi ndi lilime langa lamantha

Mwezi ukangofika pa 20, m'nyumba mwanga mumabuka chikondi chachikulu cha masamba. Ndimasonkhanitsa ana n'kuwalalikira kuti nyama imabweretsa matenda, iwo n'kumagwedeza mitu mwaulemu, akudziwa bwino kuti chimene chadwala ndi thumba la bambo awo. Tsoka lake, mlaliki yemweyo ndi amene amaopa ndiwo zowawa kuposa aliyense. Ine ndi ndevu zangazi, luni akangondikhudza lilime, nkhope imakwinyika ngati ya mwana amene amumwetsa kwinini.

N'chifukwa chake ndimazungulira kumbaula. Ndimati ndikutetezera ana.

Nkhwani ndimuikire kumbuyo kaye, chifukwa amangomunamizira. Nkhwani sawawa. Amene amadana naye anadyetsedwa masamba okhwima, osasadzula, odzaza mchenga. Tengani masamba anthete akunsonga, thyolani phesi n'kukoka mitsitsi ija kutsika nayo mpaka ubweya wokanda kukhosi uchoke, ndipo mutsuke musanadule. Madzi akhale ochepa, otentha kale, a mchere. Masamba akafota, ikani tomato, kenaka nsinjiro pamwamba, muvindikire osatakasa kwa mphindi 5. Mukatakasa, zisiyeni pamoto wochepa mpaka fungo la mtedza wauwisi lithe. Nsinjiro yosapsa imadziulula m'mimba usiku, ndipo m'nyumba ya zipinda ziwiri mulibe chinsinsi.

Adani enieni ndi luni, chisoso ndi mpiru wokalamba. Mayi a kunyumba, amene amandilola kugwira mthiko pokhapokha iwo ali pafupi, amathana ndi luni motere. Amabudula masamba okhaokha, timitengo ndi maluwa n'kutaya, poti luni akayamba maluwa ukali umakula. Amamuponya m'madzi ambiri owira, mphika wosavindikira, kwa mphindi ngati 5, n'kukhetsa madziwo. Zowawa zambiri zimapita ndi madzi oyambawo. Kenaka dzanja limodzi la luni amalisakaniza ndi manja atatu a nkhwani kapena bonongwe, n'kutendera monga ndanenera. Mafuta a m'nsinjiro amaphimba kuwawa kotsalako, mcherenso umakuziziritsa, ndiye chimafika palilime ndi kakuwawa kapatali, kokometsa nsima. Chisoso chimamveranso lamulo lomweli.

Apongozi anga akazi njirayi amaiona ngati mlandu. Atabwera kuchokera kumudzi anapeza tikukhetsa madzi a luni, ndipo anagwira pakamwa.

"Mwananga, ukutaya mankhwalatu apa. Ukutayira yani?"

"Anawa, amayi," anayankha mayi a kunyumba, maso ali pa ine.

Ine ndinali kale kuseri, kukonza wailesi yosawonongeka. Komatu apongozi sananame: madzi amenewo amatenganso gawo la mavitamini. Kungoti luni wathanzi lonse amene wabwerera kukhitchini osakhudzidwa sanathandizepo munthu. Tinagwirizana kuti iwo aziphikiridwa wawo m'kamphika kapadera, wowawa mpaka m'makutu, ndipo amamudya akundiyang'ana mwachisoni kudzera pawindo.

Therere lili ndi mlandu wina. Nalonso siliwawa, amaliwawitsa ndi soda. Pa mulu umodzi wa therere lobala, wa pamsika uja, soda wokwanira ndi wongotsina ndi zala ziwiri. Mumamuika m'madzi ochepa owira, therere loduladula n'kutsatira, ndipo mukhale pomwepo ndi mthiko chifukwa limafufuma n'kuzimitsa makala mukangotembenuka kuyankha moni. Tomato alowe therere litafewa. Soda akachuluka mudzadziwa: ndiwo zimasiya kubiriwira n'kuyamba kuderako, zimamveka sopo, ndipo lilime limayabwa. Pamenepo ana amati therere n'lowawa, chikhalirecho wolakwa ndi dzanja la wophika. Chidulo nachonso sichifuna dzanja lolemera.

Ndili ndi mlamu wanga amene vuto lake si kuwawa koma kulenda. Amati ndiwo yoti uziithamangitsa ndi mbamu kuchokera m'mbale mpaka pachigongono si ndiwo. Iyeyu timamukazingira: therere lanthete, lotsukidwa n'kuumitsidwa lisanadulidwe, m'mafuta otentha ndi anyezi, lopanda soda, lopanda madzi, tomato wambiri pamapeto. Kuwawasa kwa tomato kumachepetsa kulenda, ndipo amadya mpaka kupempha nsima ina, zomwe pa 20 si nkhani yabwino. Chondidabwitsa n'choti mlamu yemweyu, amene amaunguza ndiwo ndi diso la wapolisi, Loweruka amakhuthula mabotolo a zinthu zowawa kuposa luni, n'kulipira yekha.

Dzulo mwana wanga wamng'ono anafunsa amayi ake ngati luni angamamuphike osataya madzi, poti iye wakula tsopano.

"Iwe wakuladi," anatero, "koma tidikire abambo ako."