Ndinkafuna kumanga mmodzi, ndinamanga onse

Kafe ya intaneti ya malume pa Boma la Mchinji ili ndi makompyuta 6 ndi intaneti ya 10 Mbps. Ikanatikwanira pakanapanda mnyamata wina wokopera mafilimu. Iyeyo akakhala pansi, onse otsala, ngakhale otumiza mapepala a katundu wodutsa pachipata cha Mwami, ankangoyang'ana kachizindikiro kozungulira.

Ine, amene ndinkadzitcha katswiri, ndinalonjeza kuthana naye. Switchi yathu ndi TL-SG108E ya mapoti 8: poti 1 imapita ku rauta, 2 mpaka 7 kwa makasitomala, 8 kwa malume. Pansi pa `QoS` pali `Bandwidth Control`, pomwe poti iliyonse umaiikira malire awiri. `Egress Rate` ndi zotuluka mu switchi kupita ku kompyuta, ndiye kuti zomwe kasitomala akukopera. `Ingress Rate` ndi zolowa mu switchi, zomwe akutumiza. Ndinalemba 2048 Kbps pa zotuluka, 512 pa zolowa. Masamu anali bwinobwino: 6 kuchulukitsa ndi 2 ndi 12, kupyola 10 pang'ono, koma anthu sakoka onse nthawi imodzi.

Chinandipweteka ndi ulesi. M'malo mosankha mapoti imodziimodzi, ndinachonga onse n'kupita kukadya chiwaya.

Pobwera ndinapeza maliro. Wa mafilimu anali atamangikadi, koma limodzi ndi aliyense. Bambo wina ankadikira chikalata cha 5 MB chochokera ku Chipata, ndipo chinatenga mphindi pafupifupi 8. "Mphwanga, wachita chiyani?" anafunsa malume. "Si ine malume, ndi netiweki," ndinatero mosaphethira n'komwe, mpaka ndinaimbira kampani yotipatsa intaneti n'kumukalipira mayi wosalakwa. Malume anabweza ndalama za anthu, akundiyang'ana cham'mbali.

Madzulo ndinalumikiza laputopu mwachindunji ku rauta n'kuyeza liwiro: pafupifupi 10 Mbps. Nditayeza pa kompyuta imodzi, zinazo zili zozimitsa, ndinapeza 0.5 m'malo mwa 2. Apa ndiye thukuta linatuluka. Pa poti 1 zinthu zimatembenuka, chifukwa zolowa mu switchi pamenepo ndi intaneti yonse yochokera ku rauta. 512 yanga ija inali itatsamwitsa kafe yathunthu, munthu aliyense n'kumapata 85 Kbps basi. Ndinabwezera 0 pa poti 1, kutanthauza kuti palibe malire, ndipo pompo zonse zinayenda.

M'mawa mwake ndinauza malume kuti a kampani akonza. Iwo anangoti, "Chabwino, akatswiri."

Mnyamata uja sanachedwe kutulukira kuti malire anga amagwira zodutsa mu switchi zokha. Tsopano amakopera pa foni kudzera pa WiFi ya rauta, ndipo pasiwedi yake ndinamupatsa ndine ndemwe chaka chatha.