Mphindi Khumi, Zisanu ndi Ziwiri N'za Mafumu

Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, pamene mtengo wa feteleza unakwera n'kutisiya tili kukamwa yasa, ine amene kale ankangondituma kunyamula mipando pamisonkhano ndasanduka mphunzitsi wa manyowa a Mbeya kuno kwa Chiosya. Ndipo popeza mlendo wolemekezeka safika dzuwa lisanapendeke, ola limene amandilonjeza m'mawa limasanduka mphindi khumi madzulo, kotero ndimayenda ndi maphunziro awiri, lalitali ndi lalifupi.

Pa mphindi khumizo, zisanu ndi ziwiri n'za ulemu, pakuti munthu wolongosoka sangatchule ndowe za nkhumba asanapereke ulemu kwa a gulupu, a nyakwawa, nduna zawo, abusa, a komiti, ndi mlamu wa a nyakwawa amene udindo wake sudziwika koma ali pampando wakutsogolo. M'mphindi zitatu zotsalazo sindithamangitsa lilime kuti phunziro la ola lilowemo lonse. Ndimanena chimodzi chokha chimene mlimi angapite nacho kwawo, ndicho muyeso: makilogalamu 20 a gaga, 10 a ndowe, 10 a phulusa, 10 a feteleza, malita 5 a madzi, zonse m'thumba la pulasitiki m'kati, lomanga kolimba, masiku 21. Ndikatero ndimakweza thumba lakupsa kale kuti alione, ndi kuthokozanso mafumu.

Phunziro lalitali ndimalimanga pamwamba pa lalifupilo, ndipo chimene ndimawonjezera si mawu ayi, koma manja. Paulo mtumwi anatalikitsa mawu ku Trowa kufikira pakati pa usiku, ndipo Utiko anagwa pazenera ndi tulo. Tsono ine, amene ndilibe mphatso youkitsa akufa, ndimagawira anthu makasu. Amayi apere ndowe, anyamata asefe phulusa, aliyense afumbate chosakanizacho: chikamadontha madzi pakati pa zala, chidzaola ndi kununkha, chikamwazika potambasula dzanja, madzi achepa ndipo sichidzapsa. Pamenepo amatuluka mafunso enieni, monga la amene alibe nkhumba koma mbuzi ndi nkhuku, zimene ndowe zake zimagwiranso ntchito. Ulemu wa mafumu, poona kuti malo alipo, umakula kufika mphindi makumi awiri, pakuti mlamu uja amabwera ndi mlamu wake.

Indetu kuona maso a nkhono n'kudekha, koma chondiwawa n'chakuti nthawi ikachepa amadula ya mlimi, ya wochedwayo osaikhudza, chikhalirecho chimanga sichinabalepo chifukwa cha mawu a mlendo wolemekezeka. Inu okonza misonkhano, ndi ulemu wonse kwa a gulupu, a nyakwawa ndi alamu awo, tiikeni ife a manyowa koyambirira, galimoto isanafike.