Safunsa Anadya Phula, Ena Amafunsa N'kudyabe

Akale anati safunsa anadya phula. Masiku ano phulalo likudyedwa m'zipinda za lendi ku Zingwangwa ndi ku Ndirande, kumene kumagona ophunzira a ku MUBAS ndi makoleji ena, ndipo limabwera litalembedwa ndi inki yofiira: 6/20.

Tiyerekeze kuti aphunzitsi apereka asainimenti iyi: "Critically evaluate the effect of mobile money on small traders." Mnyamata wathu waona mawu amene akuwadziwa, mtima pansi. Walemba masamba anayi ofotokoza mmene Airtel Money ndi Mpamba zimagwirira ntchito, mpaka mmene munthu amatapira ndalama kwa ejenti. Zonse n'zoona, koma wayankha funso la "describe", limene sanafunsidwe. "Evaluate" amafuna kuti uike zinthu pasikelo. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande sakuopanso apisamthumba, inde, nanga ndalama imene amadulidwa potapa? Nanga netiweki ikathawa kasitomala ali chiimire? Ukayeza mbali zonse, unene wekha kumene sikelo yapendekera, ndi umboni. Malikisi ambiri amagona pamenepo.

Tsono kufunsako kulinso ndi phula lake. Ena amatumiza imelo pakati pausiku, asainimenti ikufunika mmawa, yopanda mutu, yopanda dzina, adiresi yake ya dzina la kumpira, uthenga wonse n'kukhala woti "Bwana, sindikumva." Simukumva chiyani, achimwene? Aphunzitsiwo ali ndi makalasi angapo, akuwombezereni?

Imelo yoyankhika imakhala yaifupi. Pamutu lembani kodi ya kosi ndi nambala ya asainimenti. Mukapereka moni, tchulani dzina lanu ndi chaka chimene muli, kenako onetsani kuti mwalimbana nalo kale funsolo: "Ine ndamva kuti ndiyeze ubwino ndi kuipa kwake, ndipo ndipereke chigamulo changa. Kodi ndili m'njira? Ndingatenge msika umodzi wokha ngati chitsanzo, kapena mukufuna dziko lonse?" Funso lotere munthu amaliyankha ndi mawu awiri ali m'minibasi pa Ginnery Corner.

Za malikisi musachite nazo manyazi, si kupempha ziphuphu. Funsani ngati pali "marking rubric", pepala losonyeza kuti pa 20 paja angati ndi a mfundo, angati a kusanthula, angati a katchulidwe ka mabuku. Funsaninso ngati akufuna APA kapena Harvard, ndiponso ngati mndandanda wa mabuku ukuwerengedwa pa chiwerengero cha mawu. Koma yambani mwatsegula "course outline", chifukwa kufunsa zimene zinalembedwa kale patsamba loyamba kumakutengerani yankho la mawu atatu ozizira.

Ndipo yankho likabwera, lisungeni m'foni. Zija za pagulu la WhatsApp zoti "akuti sir anati tingofotokoza" zimakhala zitadutsa m'kamwa mwa anthu asanu, woyambayo atamva ali pawindo chifukwa anachedwa ndi minibasi ya ku Machinjiri.