Za Kalata Yokumbutsa Anthu Amene Sanaiwale

Mwa makalata onse amene amalembedwa m'maofesi a m'tauni, kaya ndi ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, palibe imene imalembedwa mosamala n'kuwerengedwa mosasamala kuposa yochokera ku ofesi ya zachuma, yokumbutsa ogwira ntchito kuti apereke mataimushiti ndi malisiti awo. Kalatayi, imene ambiri amangoitchula kuti memo, imatuluka mwezi ukamapita kumapeto, ndipo maziko ake ndi bodza laulemu limene wolemba ndi wowerenga amagwirizana kulisunga, lakuti wolandira kalatayo anangoiwala. Zoona zake n'zakuti palibe amene anaiwala, pakuti munthu amene wayamba kuzungulira kuseri kwa nyumba popita kokamwa tiyi, n'cholinga choti asadutse pakhomo pa akauntanti, ndiye kuti akukumbukira bwino lomwe.

Taimushiti ndi fomu imene wogwira ntchito amalembapo maola amene wagwira tsiku lililonse ndi ntchito imene maolawo apitako, kenaka n'kusainira iye mwini pamodzi ndi womuyang'anira. Fomuyi imavuta kwambiri m'mabungwe amene si a boma, kumene malipiro a munthu mmodzi amachokera m'matumba angapo a anthu othandiza a kunja, ndipo thumba lililonse limafuna umboni wakuti likulipira thukuta limene linagwera pa ntchito yake. Mwachitsanzo, m'mwezi wa masiku 22 ogwira ntchito, munthu wogwira maola 8 pa tsiku amakwanitsa maola 176. Ngati maola 110 anapita ku pulojekiti ya zaulimi ndipo 66 anapita ku ya zaumoyo, malipiro ake a K800,000 amagawidwa motsatira maolawo, kotero kuti thumba la zaulimi limapereka K500,000 pamene la zaumoyo limapereka K300,000. Fomuyo ikasowa, akauntanti alibe poyambira kugawa, lipoti lopita kwa eni ndalama limachedwa, ndipo eni ndalamawo, amene alibe msuweni aliyense mu ofesimo woti angamumvere chisoni, amagwira kaye gawo lotsatira la thandizo lawo.

Lamulo limati fomuyi izilembedwa tsiku ndi tsiku, koma mwambo wa m'tauni umati izilembedwa pa mphindi khumi zomaliza, munthu ataimirira, miyezi itatu nthawi imodzi. Zizindikiro za taimushiti yolembedwa chotere sizibisika. Maola amakhala 8 okhaokha kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati kuti mwini wake sanadwalepo, sanakhalepo pa mzere wa mafuta, ndipo kwawo sikunagwepo maliro. Munthuyo amapezeka kuti anagwira ntchito molimbika pa 6 Julaye, pamene dziko lonse linali pa tchuthi chokumbukira ufulu, ndiponso pa 31 Sepitembala, tsiku limene kalendala iliyonse imalikana. Ena, pofuna kupewa zolakwa zotere, amakopera fomu ya mnzawo wa desiki yoyandikana, osazindikira kuti mnzawoyo anali pa tchuthi cha uchembere.

Komabe nkhani ya maola ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya adivansi, ndiyo ndalama imene munthu amapatsidwa asananyamuke ulendo wa ntchito, pa mgwirizano wakuti akabwerako adzasonyeza mmene yayendera. Kusonyezako ndiko kumene a m'maofesi amati kulikwideta: munthu amalemba pa fomu zonse zimene wagula, amamata malisiti papepala, ndipo ndalama ikatsala amaibweza, ikaperewera bungwe limamubwezera yake imene anaonjezera. Mabungwe ambiri amaika masiku owerengeka oti izi zichitike munthu akangofika. N'zochititsa chidwi kuti amene bungwe liyenera kuwabwezera safuna memo. Amafika ku ofesi ya zachuma fumbi la ulendo likadali m'tsitsi. Kalata yokumbutsa ija kwenikweni imalembedwera gulu linalo, la anthu amene ali ndi chenji cha bungwe.

Chitsanzo cha mkulu wina wotumidwa ku msonkhano wa masiku anayi ku Liwonde kuchokera ku Lilongwe chingathandize kumvetsa gwero la kuchedwaku. Mkuluyu walandira K500,000, imene yawerengedwa motere: K200,000 ya mafuta, K180,000 ya malo ogona usiku utatu pa K60,000 usiku umodzi, K100,000 ya alawansi ya chakudya pa K25,000 tsiku lililonse, ndi K20,000 yolipira pa geti la msonkho wa msewu la Kalinyeke ku Dedza ndi tina n'tina. Tsono msonkhano watha tsiku limodzi usanafike pamene unayenera kuthera, chifukwa mlendo wolemekezeka woti adzautseke waitanidwa kwina. Masamu ake ndi osavuta: usiku umodzi wosagonedwa ndi tsiku limodzi losadyedwa zikupanga K85,000 yoyenera kubwerera m'thumba la bungwe. Chovuta n'chakuti pakati pa Liwonde ndi Lilongwe pali nsomba za m'mphepete mwa Shire, pali mbatata ya kachewere ndi kabichi za pa Lizulu, ndiponso pali foni yochokera kumudzi yonena za fizi ya mwana wa mlongo. Pofika ku likulu, K85,000 ija yasanduka katundu wa m'buti ndi madalitso a achibale, ndipo palibe mwa ziwirizi chimene chingamatidwe papepala. Mkuluyu sangalembe kuti anagona usiku utatu, chifukwa dalaivala analemba m'buku la galimoto tsiku ndi makilomita obwerera, ndipo dalaivalayo ndi munthu wopemphera. Chimene chatsala ndi kudikira malipiro a mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawa ukafika umabwera ndi mavuto akeake.

Malisiti nawo ali ndi khalidwe lawo. Lisiti yovomerezeka imasonyeza dzina la wogulitsa, tsiku, chimene chagulidwa ndi mtengo wake, ndipo kwa amalonda olembetsa msonkho wa VAT imatuluka m'makina amene bungwe lotolera misonkho la MRA limafuna kuti agwiritse ntchito. Mapepala a m'makina otere salembedwa ndi inki koma ndi kutentha, motero lisiti imene yakhala milungu isanu ndi umodzi padzuwa la Okutobala, pafupi ndi galasi lakutsogolo la galimoto, imafika kwa akauntanti mawu ake atafufutika, mwini wake akulumbira kuti pamenepo panali K200,000. N'chifukwa chake maofesi osamala amalangiza kuti lisiti ijambulidwe pa fotokope kapena pa foni tsiku lomwelo. Wakabaza sapereka lisiti, ndipo ichi n'chomveka. Chosamveka ndi malisiti a malo ogona a ku Liwonde, a malo odyera a ku Balaka ndi a wokonza matayala wa ku Ntcheu amene onse alembedwa ndi dzanja limodzi, manambala awo n'kumatsatana bwinobwino ngati ana a sukulu pa mzere. Kabuku ka malisiti kogula m'sitolo ya zolembera kali ndi vuto limeneli, lakuti kamawerenga kokha.

Wolemba kalata yokumbutsa amadziwa zonsezi, koma mwambo sumulola kuzitchula. Kawirikawiri amakhala wothandizira akauntanti, wamng'ono pa zaka ndi pa udindo kuposa ambiri mwa amene akuwalembera, ndipo ena mwa iwo amakumana nawo ku tchalitchi kapena ku zinkhoswe. Kalata yoyamba imayamba ndi moni wautali, kufunira onse moyo wabwino pamodzi ndi mabanja awo, ndi kuthokoza chifukwa cha ntchito yotamandika imene akugwira. Pempho lenileni limabwera m'ndime yachitatu litavala jekete: "Tikupempha modzichepetsa kuti amene mwina simunapeze mpata wopereka mataimushiti ndi malisiti anu, mutero pofika Lachisanu." Owerenga odziwa bwino zinthu amaona mawu akuti "mwina" ndi "mpata", n'kuzindikira kuti mvula idakali kutali.

Kalata yachiwiri imasiya kufunsa za mabanja, ndipo ichi ndi chizindikiro choyamba chakuti zinthu zayamba kutentha, pakuti Mmalawi akasiya kufunsa za ana ndiye kuti wakwiya ndithu. Imatchula tsiku ndi ola, ndipo pamwamba pake pamaoneka kuti bwana wamkulu naye watumiziridwa. Apa m'pamene makonde a ofesi amadzaza ndi mayankho aulemu wofanana ndi wa kalatayo. "Achemwali, musadandaule, zonse zili m'galimoto," amatero mkulu wa ku Liwonde uja, ngakhale kuti galimotoyo ili ku galaja kuyambira sabata yatha. Wina amati fomu yake yatha koma ikudikira siginecha ya bwana, ndipo uyu nthawi zambiri amanena zoona, chifukwa bwana amene watumiziridwa kalata kuti aopseze anthu ndi yemweyo amene ali ndi maadivansi atatu osalikwideta, kuphatikizapo ya ulendo wa kunja wa chaka chatha. Mtsikana wa ku akaunti sangalembe dzina la bwanayo pa mndandanda, amangogogoda pachitseko, n'kupinda mawondo pang'ono, n'kunena kuti, "Bwana, pepani, tikungofuna mutithandize timapepala tija mukapeza nthawi." Bwanayo amayankha kuti nkhani ya malisiti ndi yofunika kwambiri ndipo aikambe pa msonkhano wa Lolemba.

Kulimba kwa kalata yotere sikuchokera ku mawu aukali, ndipo olemba amene amayesa zilembo zikuluzikulu ndi mizere yofiira amangodzipezera dzina loti ndi amwano, malisiti osabwera. Kalata imene imagwira ntchito ndi yachitatu, imene kawirikawiri imakhala yaifupi kuposa zinzake ndipo ulemu wake ndi wozizira. Imanena zinthu zitatu zokha: chimene chikufunika, tsiku lomaliza, ndi chimene chidzachitike tsikulo likadutsa. Chodzachitikacho chimakhala chakuti amene sanalikwidete adivansi yakale sadzapatsidwa yatsopano, ndiponso, kumene malamulo a bungwe ndi fomu imene munthu anasainira potenga ndalama zikuloleza, yotsalayo idzadulidwa ku malipiro. Kudula ku malipiro anthu sakuopa kwenikweni, popeza ena amakuona ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja imene yadzibweza yokha. Chimene chimagwedeza ofesi ndi chiganizo choyambacho, makamaka chikatuluka sabata imene pamveka mphekesera ya msonkhano wa masiku asanu ku Mangochi.

Zikatero, zozizwitsa zimachitika pasanathe maola 48. Malisiti amene anatayika amapezeka m'thumba la jekete, m'Baibulo ndi pansi pa mpando wa galimoto ya ku galaja ija. Makina a fotokope amatentha mpaka kutafuna mapepala. Guluu wa mu ofesi amatha. Ndipo mkulu wa ku Liwonde amaoneka pa foni kuseri kwa thanki ya madzi akukambirana ndi msungichuma wa banki mkhonde ya akazi ake za K85,000 yobweza pakutha pa mwezi. Madzulo a tsiku lomaliza amalowa mu ofesi ya zachuma akumwetulira, n'kuika envulopu pa desiki, n'kudandaula mwaulemu kuti memo zikumabwera mochedwa, anthu akanakumbutsidwa msanga bwenzi zonsezi zitatha kale. Mtsikana wa ku akaunti amathokoza, amawerenga ndalamazo kawiri, n'kulemba lisiti. Kenaka amatsegula fomu yatsopano ya adivansi ya ku Mangochi, imene mkuluyo wabwera nayo kale m'dzanja linalo, yodzazidwa bwino ndiponso yosainidwa ndi bwana tsiku lomwelo.