Mtengo umene ndinauona uja wapita kuti?

Munthu akaona malonda pa Facebook, n'kudina, amafuna kupeza chiyani kutsogoloko? Ine ndimaganiza kuti yankho ndi lapafupi: amafuna chomwe chamuchititsa kudinacho. Nanga bwanji ogulitsa ambiri amamufikitsa kwina?

Tiyerekeze kuti uthenga wotsatsa ukuti: "Sola ya mababu 3 ndi potchajira foni, K85,000, tikubweretserani kwaulere mu Lilongwe." Mayi wina wa ku Kawale wadina. Tsamba latseguka, ndipo pamwamba palembedwa "Takulandirani ku kampani yathu", pali chithunzi cha ofesi, mbiri ya kampani, mapampu a madzi, mabatire akuluakulu. Sola ya mababu 3 ija ili kuti? K85,000 ija yapita kuti? Kodi mayiyu walakwa chiyani kuti ayambenso kufufuza chinthu chomwe anamuonetsa kale? Zili ngati kondakitala wakuitanira ya ku Area 25, iwe n'kukwera, minibasi n'kulowera ku Likuni.

Ndinafunsa mphwanga amene amalemba masamba otere. Anati: "Amalume, uthenga uliwonse wotsatsa umafunika tsamba lakelake lofikirapo, lonena za chinthu chimodzi chokhacho." Ndinafunsa kuti pamwamba pake wogulitsa alembe chiyani chatsopano. Iye anati asalembe chatsopano chilichonse. Mutu wa tsamba ubwereze lonjezo lija, mawu ake omwewo: sola ya mababu 3, K85,000, kubweretsa kwaulere mu Lilongwe. Chithunzi chikhale chomwe chija, mitundu yomwe ija, ndipo zonsezi zioneke pa foni munthu asanatsitse tsamba ndi chala. Ngati uthenga unali m'Chichewa, tsamba lisamulandire m'Chingerezi.

Koma kubwereza sikutopetsa? Apa ndinakakamira ndithu, chifukwa kusukulu ankatiletsa kubwereza mawu. Anandiyankha kuti wodinayo ali ndi funso limodzi m'mutu, loti kodi ndafika pamalo pake? Akaona mawu aja mtima umakhala pansi, ndiye amawerenga zotsatira. Zatsopano zimabwera m'munsi, ndipo zimayankha mafunso amene lonjezo lomwelo ladzutsa. Mababu amayaka maola angati batire ikadzaza? Ikawonongeka m'miyezi yoyamba mudzandisinthira? "Mu Lilongwe" akutanthauza mpaka ku Lumbadzi kapena m'tauni mokha? Ndilipira katundu akafika, kapena ndiyambe ndatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba? Ine funso lomalizali ndi lomwe lingandibweze, poti kutumiza ndalama kwa munthu wosamuona kumafuna kulimba mtima.

Nanga mabatani akhale angati? Limodzi, lonena zomwe lichite: "Itanitsani sola ya K85,000 pa WhatsApp." Linki yake ingathe kunyamula uthenga wolembedwa kale:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndikufuna%20sola%20ya%20K85000
```

Wogula savutika kulemba, ndipo wogulitsa amadziwa kuti munthuyu wachokera ku uthenga uti.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi masamu ake. Tinene kuti kudina kumodzi kukudya K150, ndipo adina anthu 200. Zapita K30,000. Akafunsa za katunduyo anthu 2 okha, aliyense wamudyera wogulitsa K15,000. Tsamba likakonzedwa n'kufunsa anthu 10, aliyense ndi K3,000, pa ndalama yomwe ija. Nanga bwanji malonda akavuta anthu amathamangira kuwonjezera ndalama zotsatsira, tsamba osaligwira n'komwe? Ngakhale Google Ads imaliyang'ana tsambali: pa Quality Score, yomwe imayambira 1 mpaka 10, chimodzi mwa zinthu zitatu zomwe amayeza ndi momwe tsamba lofikirapo likumuthandizira wodina.

Ndingadziwe bwanji pomwe pali vuto? Mphwanga anati ndiyang'ane pomwe anthu akuthera. Ngati oona ndi ambiri koma odina ndi ochepa, vuto ndi uthenga wotsatsawo. Ngati odina ndi ambiri koma ofika pa WhatsApp ndi ochepa, tsamba ndilo likuwabweza, mwina lasiyana ndi lonjezo, mwina zithunzi zake ndi zolemera moti likuchedwa kutseguka n'kumatha bandulo ya munthu. Ngati akufika pa WhatsApp koma osagula, tsamba lagwira ntchito yake. Mwina mtengo wakwera, mwina woyankha akuyankha mawa lake.

Funso limodzi linanditsalira. Bwanji ngati K85,000 ija ili yoyambira chabe, mtengo wonse uli K240,000? Kodi tsamba libisenso, kuti lifanane ndi uthenga? Apa sindinafune kuti munthu andiyankhire. Kufanana kotereko ndi kunamiza munthu kawiri, ndipo tsiku lolipira adzadziwa ndithu. Chofunika kukonza ndi uthenga wotsatsawo, unene kuti "yambani ndi K85,000", ndipo tsamba lionetse mtengo wonse ndi miyezi yolipira.

Inu amene muli ndi malonda pa intaneti lero, tengani foni ya mnzanu, mudine uthenga wanu womwe, muone ngati katundu, mtengo ndi lonjezo lija zikuoneka musanatsitse tsamba.