Maso a nkhono ndi matiki a buluu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anapeka mwambi umenewu analibe foni, koma zikuoneka kuti ankawadziwa bwino anthu amene amawerenga uthenga wa mnzawo n'kukhala duu mwezi wathunthu. Nkhonotu maso ili nawo. Ili ndi tinyanga tinayi, ndipo maso ali kunsonga kwa tiwiri titalitali tam'mwamba. Ukangoikhudza, tinyanga tonse timabwerera mkati, ndipo ukapitiriza kuigogoda ndiye kuti lero sutiwonanso. Chilimwe chikafika imamata khomo la chigoba chake n'kugona mpaka mvula. Siinafe, ndipo siinakukwiyire. Mnzanu uja amene anasiya kuyankha ali m'chigoba chotere, ndipo ambiri a ife timafika pakhomo pake ndi mwala m'manja.

Musanayambe kukwiya, yang'anani kaye timatiki tili pansi pa uthenga wanu. Tiki imodzi yotuwa imatanthauza kuti uthenga unachoka m'foni mwanu koma sunafike m'foni mwa mnzanu. Mwina bandulo inamuthera, mwina foni inabedwa mu minibasi, mwina ali kumudzi kumene netiweki imapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha. Ndipo pali chinthu chimene anthu okwiya ambiri sachidziwa: WhatsApp imasunga uthenga wosafika kwa masiku 30 basi, kenaka imaufufuta. Choncho ngati tiki yanu yakhala yokha kuposa mwezi, mnzanuyo sadzauonanso uthengawo ngakhale atagula foni yatsopano mawa. Mukumuimba mlandu wa kalata imene sanalandire. Apa kudekha sikuthandiza kanthu. Imbani foni yeniyeni ya mayunitsi, ndipo ikapanda kulowa funsani mlongo wake kapena wina wa kumpingo kwawo. Anthu amadwala, amagwa m'maliro, amasintha nambala. Nambala ikakhalitsa osagwira ntchito imatha kupatsidwa kwa munthu wina, ndipo pali anthu amene akhala akutumiza madandaulo a ubwenzi wa zaka khumi kwa mlendo wogulitsa makala amene akungodabwa.

Nanga ngati anakubulokani? Zizindikiro zake zilipo: tiki imodzi yosasintha, chithunzi chake chasowa, last seen sakuoneka, mukaimba pa WhatsApp sizikulowa. Koma zizindikiro zomwezi zimathanso kubwera chifukwa cha foni yotayika ndi mmene munthu anatcherera zinthu zake zachinsinsi. Musathamangire kukauza gulu lonse kuti wakutayani.

Matiki awiri otuwa ndiye kuti uthenga unafika. Kuti anauwerenga kapena ayi, zimenezo akudziwa ndi iye ndi Mulungu wake, chifukwa munthu akhoza kuzimitsa Read receipts n'kumawerenga chilichonse mtundu wa tiki osasintha. Chenjerero limeneli siligwira m'magulupu, kumene ungathe kuona amene awerenga uthenga wako, ndipo n'chifukwa chake timawagwira anzathu ochenjerawa pa gulupu ya ophunzira akale, akuseka nthabwala za aphunzitsi a masamu pamene ife atisiya panja.

Kenaka pali matiki a buluu, amene anabwera mu Novembala 2014 n'kuyamba kupasula maubwenzi amene njala ndi ndale zinalephera kupasula. Kale ukalemba kalata yopita ku Joni unkadikira miyezi, ndipo yankho likapanda kubwera unkanena kuti kalata inasochera m'njira. Aliyense ankasunga ulemu wake. Lero foni imakuuza tsiku ndi ola limene mnzako anawerenga. Ndiye n'kumuonanso akuika Status ya nyama yowotcha, mwana wake atavala yunifolomu yatsopano, ndi vesi la m'mawa. Mtima umati phwii.

Tsono tiyeni tilowe m'chigobamo tione zimene zimachitikamo, chifukwa ine ndikukhulupirira kuti chete ambiri wa mtundu uwu sayamba ndi chidani. Amayamba ndi mawu akuti “ndiyankha bwino ndikafika kunyumba”. Uthenga unamupeza ali pamzere wa mafuta kapena akutsitsa katundu, anauwerenga, n'kuona kuti ukufunika yankho lalitali. Atafika kunyumba magetsi kunalibe, foni inazima. M'mawa mwake mauthenga a gulupu ya maliro, ya banki nkhonde ndi ya kwaya anali ataukankhira wanu pansi. Patatha mlungu anaukumbukira, koma tsopano yankho linkafunika kuyamba ndi kupepesa. Patatha milungu itatu kupepesa kokha sikunali kokwanira, pankafunikanso chifukwa chomveka, ndipo chifukwa chomveka analibe. Tsiku lililonse limene ladutsa limakweza mtengo wa yankho. Munthuyo akamaona dzina lanu amadutsa msanga ndi chala, manyazi atamugwira.

Mukamvetsa zimenezi, muona kuti mauthenga ambiri amene timatumiza kachiwiri amangowonjezera ngongoleyo. “Ndiye mwatitaya eti?” “Olemera inu simuyankha amphawi.” Enanso amangotumiza zizindikiro za funso zitatu zopanda mawu. Ena amakoka uthenga wakale uja n'kuuyankha okha ndi kachithunzi ka maso awiri. Onsewa ndi mchere, ndipo aliyense amene anakula akusewera kuseri kwa bafa amadziwa zimene mchere umaichita nkhono. Pali ena ochenjera mopusa amene amalemba ndime yonse ya ukali pakati pa usiku, m'mawa n'kuifufuta kwa onse. Chotsala m'foni mwa mnzawo ndi mawu akuti “This message was deleted”, ndipo tsopano mnzawoyo ali ndi zinthu ziwiri zoti aziope: uthenga umene sanayankhe ndi uthenga umene sanauone.

Palinso msampha wina umene ndi wathuwathu. Ife timalemekeza moni, ndipo n'zabwino. Koma pa foni, moni wouma wochokera kwa munthu amene mwakhala osalankhulana wasanduka belu la ngozi. “Muli bwanji achimwene?” Wolandirayo amadziwa ndondomeko yake: akayankha kuti ali bwino, kubwera funso la alamu ndi ana, kenaka la mvula, ndipo uthenga wachinayi uyamba ndi “Ndili ndi kavuto pang'ono”. Ndiye amayamba wayang'ana kaye zotsala mu Mpamba kapena Airtel Money asanaganize zoyankha moniwo. Akapeza kuti mulibe kanthu, amabweza tinyanga.

Bambo wina amene timapemphera limodzi anali ndi mnzake wa kusekondale amene amagwira ntchito ku Mzuzu. Mnzakeyo anabwereka kandalama kochepa, kosakwana ngakhale thumba la fetereza, n'kulonjeza kubweza kumapeto kwa mwezi. Mwezi utatha, bamboyu analemba kuti, “Amwene, zikuyenda?” Iye akulumbira kuti ankangopereka moni. Matiki a buluu anabwera ola lomwelo, yankho ayi. Kwa munthu wa ngongole, “zikuyenda?” si moni, ndi samani. Milungu inadutsa. Akazi ake anamuuza kuti amuimbire pa nambala ya mwana kuti amugwire mosayembekezera, koma iye anakana, ndipo ndikumuyamikira, chifukwa munthu womugwira mwa njira imeneyo amayankha foni koma ubwenzi sayankha.

Anadikira mpaka Loweruka lina pamene timu imene mnzakeyo amaikonda kuyambira ali mwana inagonja mochititsa manyazi. Madzulo ake analemba kuti: “Amwene, ndaona zimene zachitikira timu yanu lero, ndati ndipereke chipepeso ku banja lofedwa. Za ndalama zija musadandaule nazo, tidzakambirana mukadzapeza mpata. Ndangokusowani basi.” Yankho linabwera usiku womwewo, ndipo linayamba ndi kunyoza woyimbira mpira. Kupepesa kunabwera pa uthenga wachitatu, pamodzi ndi nkhani yakuti malipiro kuntchito anachedwa ndipo mayi ake anagonekedwa m'chipatala.

Taonani zimene uthenga uja unachita. Unabwera ndi nkhani yatsopano, yoti munthu angayankhe ndi mzere umodzi ali chiimire, osayamba wafotokoza kumene anali. Sunawerengere milungu. Ndipo chinthu chimene chinkamuopsa unachitchula poyera n'kuchiika pambali. Apa mpofunika kusamala: bamboyu sanakhululuke ngongole, anangoichotsa pakhomo kuti mnzake athe kutuluka. Mukanena kuti “iwalani za ndalama” pamene mumtima mukuzifuna, mwangosamutsira chete uja kumbali yanu. Ndipo ngati pakati panu palibe ngongole, nenanibe msanga kuti simukupempha kanthu. Mawu akuti “sindikufuna ndalama, ndangokukumbukirani” amamasula anthu ambiri kuposa vesi lililonse la m'mawa.

Ena amakonda kutumiza mawu ojambula. Kwa mnzanu weniweni n'zabwino, pakuti mawu a munthu akuseka savuta kuwamva ngati zilembo, zimene wolakwa amaziwerenga mokalipa ngakhale zitalembedwa mwachikondi. Koma akhale a theka la mphindi. Ulaliki wa mphindi zisanu ndi ziwiri umadya bandulo, sungamvedwe mu minibasi, ndipo nawonso umakalowa m'gulu la “ndimvera ndikafika kunyumba”.

Mukatumiza, ikani foni m'thumba. Apa ndi pamene mwambi uja umaluma, chifukwa kudekha kwa makolo kunali kukhala pansi n'kuyang'ana nkhono, pamene kwathu n'kudziletsa kuyang'ana. Musatsegule macheza ake mphindi iliyonse kuti muone ngati ali online. Mukaona mawu akuti typing akubwera n'kusowa, n'kubweranso n'kusowanso, musalowererepo ndi “Ndikukuonanitu”. Ndi tinyanga timeneto tikuyesa mphepo. Ndipo akayankha, musatsegule bwalo la milandu. Funso lakuti “ndiye munali kuti masiku onsewa?” limatha kubweza munthu m'chigoba mpaka Khirisimasi. Akafuna afotokoza yekha.

Sindikunena kuti nkhono iliyonse imatuluka. Zigoba zina zimene mumazipeza m'munda mulibe kanthu, mwini wake anapita kale. Ukatumiza uthenga wabwino umodzi, n'kudikira milungu iwiri kapena itatu, n'kuyesanso kamodzi ndi foni yoimba, wachita mbali yako. Kupitirira apo si kudekhanso, ndi kuvutitsa munthu amene mwina wasankha kukhala patali, ndipo ufulu umenewo ali nawo ngakhale ukupweteka. Chokhacho chimene sindingachilekerere ndi mnzako amene wazimiririka paliponse, Status kulibe, pa gulupu kulibe, kutchalitchi sakuoneka, makamaka ngati mauthenga ake omaliza anali olemera. Ameneyo samudikira ndi mwambi. Kwerani kabaza mukagogode pakhomo pake.

Tsono kwa inu a m'chigoba, amene mukuwerenga izi kwinaku mukudziwa bwino dzina limene mwakhala mukulidumpha ndi chala: mnzanuyo sakufuna kalata ya masamba atatu. Lembani kuti “Pepani amwene, ndilipo, zinangondichulukira”, mutumize lero bandulo isanathe.