Mmene Mungakhulupirire Mphekesera ya Likasa Popanda Kuvutitsa Mutu

Mayeso a MSCE akayandikira, m'sukulu zathu mumagwa nyengo ina imene a zanyengo salengeza pa wailesi, nyengo ya "akuti". Akuti Bayoloje yatuluka. Akuti Masamu ali kale m'mafoni ku Lilongwe. Malangizo awa ndi a inu a Fomu 4 amene mukufuna kukhulupirira nkhani zotere mwamtendere, osasokonezedwa ndi anzanu okonda mafunso. Ndikupatsani anyamata awiri a pasukulu ina yogonera konko, tiwatche Yamikani ndi Tadala. Yamikani ndiye woyenera kumutsanzira. Tadala ndi mtundu wa mnzanu amene muyenera kumuthawa mayeso asanayambe.

Poyamba phunzirani kuwerenga milomo imene yanena nkhaniyo, musamalondole kumene yachokera. Yamikani amadziwa bwino lamuloli, ndipo analowa m'hositelo usiku wina pulepu itatha ali ndi nkhope ya munthu woti wakhoza kale.

"Aise, Bayoloje yatuluka. Ndamva kwa anthu sikisi."

"Anthu sikisiwo aliona pepalalo?" anafunsa Tadala.

"Amva."

"Kwa ndani?"

Apa mpamene Tadala anayamba khalidwe lake loipa. Anamukakamiza mnzake kutchula anthuwo mmodzimmodzi. Atatu anaziwerenga pagulu la WhatsApp la kalasi. Awiri anauzidwa ndi mmodzi mwa atatuwo pamzere wa phala. Wachisanu ndi chimodzi anamva kwa chibwenzi chake cha kusukulu ya atsikana, chimene chinatumiziridwa uthenga ndi mnyamata yemwe anauika pagulu lija. Mnyamatayo naye akuti anauzidwa ndi msuweni wake, amene amalume a mnzake amagwira ntchito ku Zomba.

"Ntchito yanji ku Zombako?"

"Ku Zomba basi. Iwe sudziwa kuti MANEB ili ku Zomba?"

"Ndikudziwa. Kulinso ndende, msika ndi chipatala. Aise, watunga ndowa sikisi pachitsime chimodzi. Chitsimecho chikakhala cha matope, ndowa zonse ndi matope. Mboni uli nayo imodzi, ndipo imodziyo palibe amene akuidziwa dzina."

Mwaona kuipa kwake? Munthu wabwera ndi mboni zisanu ndi imodzi, akukagona ndi theka la mboni. Inu musalole zimenezo. Uthenga ukabwera ndi kachizindikiro koti `Forwarded many times`, mudziuze kuti anthu ambiri autsimikizira. Musamvere Tadala akamati kachizindikiroko kamangotanthauza kuti uthengawo wadutsa m'mafoni asanu kapena kuposerapo motsatizana, ndipo kuti kutumiza uthenga kumafuna chala chokha.

Mukapanikizidwa, thawirani ku 2020. Ichi ndi chida champhamvu kuposa zonse, chifukwa nkhani yake ndi yoona. Mu Novembala chaka chimenecho, mayeso a MSCE ali mkati, nduna ya zamaphunziro Agnes NyaLonje inalengeza kuti mayesowo athetsedwa chifukwa mapepala ena anali atafala m'mafoni. Ophunzira anakalembanso mu Januwale 2021, asilikali a nkhondo akuthandiza kulondera mapepala. Yamikani anaitulutsa nkhaniyi ngati munthu wodziwa kuti wapambana.

"Nanga 2020 ija? Sinayambe ngati mphekesera? Anthu ngati iwe ankati ndi bodza."

Ndivomereze kuti apa mnyamatayu sanalankhule zopusa. Kudziko kumene mayeso anabedwapo mpaka kuthetsedwa, munthu womva kuti abedwanso sangangoseka. Tadala nayenso anavomera, koma kuvomera kwake kunali ndi mchira.

"2020 ikutiuza kuti mayeso angathe kutuluka. Sikutiuza kuti pepala lili mufoni mwakoli latuluka. Chaka chilichonse anthu amati mayeso atuluka, ndipo chaka chimene anatulukadi ndi chaka chimene sanatuluke, mphekesera zake zimamveka chimodzimodzi. Ndiye ungazisiyanitse bwanji pongomvetsera? Boma silinathetse mayeso aja chifukwa wina anati amalume anena. Anthu anali ndi mafunso m'manja nthawi yolemba isanakwane, ndipo mafunsowo anapezeka kuti ndi omwewo a m'chipinda cha mayeso. Chinalipo choika pathebulo n'kuyerekeza."

"Inenso ndili nacho."

"Tione."

Musamaonetse. Ili ndi langizo limene Yamikani anaphonya, ndipo linamupweteka. Anatulutsa foni pansi pa matiresi, pamene mafoni oletsedwa amagona, n'kuonetsa chithunzi cha tsamba limodzi. Chinali chosaoneka bwino, chojambulidwa mopendekeka, pangodya pakuoneka chala cha munthu. Kwa wokhulupirira, kusaoneka bwinoko ndi umboni woti wojambulayo anali pachangu, akuopa kugwidwa. Tadala anangochikulitsa ndi zala ziwiri. Pamene pamalembedwa chaka panali podulidwa. Tsiku ndi nthawi yolembera panalibe. Funso lachitatu linali ndi chithunzi cha impso, ndipo Tadala anatsegula mulu wake wa mapepala a zaka zam'mbuyo n'kupeza impso yomweyo, mizere yolozera yomweyo, malikisi omwewo m'mphepete.

"Ndiye kuti abwereza funso," anatero Yamikani mosatekeseka.

Yankho limenelo lisungeni, ndi labwino. Koma choposa ndi kugula likasa lopanda mafunso, la mitu yokhayokha, chifukwa limeneli silingakuchititseni manyazi. Wogulitsa amakutumizirani mitu khumi: fotosinthesisi, kapumidwe, kayendedwe ka magazi, jenetikisi, kuberekana, matenda, ndi ina yotero. Tsiku la mayeso mukapeza kuti isanu ndi iwiri yabwera, mudzatuluka m'chipindamo mukufuula kuti munthu uja ndi dolo. Musamufunse Tadala maganizo ake, chifukwa adzakuuzani kuti silabasi ya Bayoloje ili ndi malire, kuti pepala limayenera kuyenda m'mitu yambiri ya silabasiyo, ndipo kuti mphunzitsi aliyense amene wakhala zaka zingapo m'kalasi angalosere mitu isanu ndi iwiriyo ali m'tulo, osakulipiritsani ngakhale tambala. Iye amati ulosi umayesedwa ndi zimene munthu wamba sakanatha kulota: mawu enieni a funso, nambala yake, manambala a m'tebulo, malikisi ake. Zoti "jenetikisi ibwera" amati n'chimodzimodzi kunena kuti pepala lidzakhala ndi mafunso.

Yamikani anali asanagonje. Anali ndi mboni yamoyo, mnyamata wa chaka chatha amene analumbira kuti wogulitsa pepalali anamuuza molondola katatu konse.

"Katatu, aise. Kamodzi ungati mwayi. Katatu?"

Tadala anatenga kope ndi cholembera, ndipo apa ndikupemphani mutseke maso, chifukwa masamu otsatirawa amawononga chikhulupiriro.

"Tiyerekeze ndine wogulitsa, ndilibe pepala lililonse, koma ndili ndi makasitomala 80. Pa phunziro loyamba pali mitu iwiri imene aliyense akuikayikira, ndipo tinene kuti umodzi mwa iwiriyo ubweradi. Anthu 40 ndiwauza mutu woyamba, 40 enawo wachiwiri. Mayeso akalembedwa, 40 akunditukwana, 40 akundiyamika. Otukwanawo ndiwatsekera foni. Oyamikawo ndiwagawanso pawiri pa phunziro lachiwiri, atsala 20. Lachitatu, atsala 10. Anthu 10 amenewo aona ndi maso awo kuti ndalondola katatu, ndipo sakunama. Chaka chamawa ndi amene adzanditsatsire malonda."

"Nanga 70 enawo?"

"Akadandaule kuti? Apite kupolisi akanene kuti tinagula mayeso obedwa koma atigulitsa abodza?"

Kunena zoona, malonda amenewa ndi okoma. Kasitomala wokhutira amalalikira pamsika, wobedwa amakhala chete ngati palibe chachitika. Choncho mukamafufuza mbiri ya wogulitsa, funsani okhawo amene akulankhula. Mudzapeza kuti sanalakwitsepo chibadwire.

Tsopano gawo lofunika kwambiri, lakuti chikhulupiriro chanu chikhale ndi khomo lotulukira mbali zonse. Tadala anayesa kumutsekereza mnzake ndi pangano looneka losalakwa.

"Tilembe mafunso ako onse m'kope lero, tiike deti, tisaine tonse awiri. Tikatuluka m'mayeso tidzayerekeze liwu ndi liwu. Akafanana, ndidzavomera pamaso pa hositelo yonse. Nanga akapanda kufanana, iwe udzavomera?"

"Akapanda kufanana ndiye kuti azindikira kuti latuluka, asintha pepala."

"Ndiye likabwera, linatuluka. Likapanda kubwera, linatulukabe?"

"Eya."

"Chingachitike n'chiyani kuti unene kuti linali bodza?"

Yamikani anaganiza kwa kanthawi, n'kuyankha moona mtima kuti palibe. Apa ndiye pachimake pa luso limene ndikukuphunzitsani. A MANEB akakana kuti mayeso sanatuluke, nenani kuti akubisa. Akakhala chete, nenani kuti asowa chonena. Aphunzitsi akakuuzani kuti muziwerenga, nenani kuti akudziwa kanthu. Tadala amati nkhani imene imagwirizana ndi chilichonse chimene chingachitike siikuuza kanthu za chimene chachitikadi, koma Tadala ndi munthu woti amawerenga mpaka mitu imene sinatchulidwe pagulu la WhatsApp.

Pali kanthu kamodzi kamene ndikadakonda mukadapanda kukaganizira musanatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Ngati pepalalo ndi labodza, mwataya ndalama ndi masiku owerenga. Ngati ndi lenileni ndipo lafika mpaka kwa inu, munthu wachisanu ndi chiwiri kuchokera kwa amalume a ku Zomba, ndiye kuti lafika kwa aliyense, ndipo mu 2020 amene analiona ndi amene sanalione onse anabwerera pabenchi mu Januwale. Mukapezeka nalo, nkhani yake imakafika kupolisi. Koma zimenezi ndi zoganiza anthu amantha.

Tadala anamaliza ndi kunena kuti mphekesera ndi chifukwa chokwanira choti ahedi kapena a MANEB afufuze, ndipo ngati Yamikani akukhulupiriradi, akawaonetse ahedi chithunzicho m'mawa. Yamikani anakumbukira kuti foni ndi yoletsedwa pasukulupo, n'kunena kuti aganizira.

M'mawa mwake pamzere wa phala anauza anyamata awiri kuti nkhani ya Bayoloje yafika povuta, moti ngakhale Tadala, munthu wosakhulupirira chilichonse, anachezera usiku akuliyerekeza pepalalo ndi mapepala akale ndipo anapeza funso lofanana ndendende. Pofika nthawi ya nkhomaliro, kamnyamata ka Fomu 3 kanamukokera Yamikani kuseri kwa laibulale n'kumunong'oneza kuti Bayoloje yatuluka, ndipo anzeru a Fomu 4 atsimikiza.

Yamikani anathamangira kuhositelo.

"Aise, tsopano ndi anthu seveni. Ndipo uyu ndi wa kalasi ina, sadziwana ndi aja."